Ndalama za dziko zikatsekeredwa kunja, golide amathandiza kufika pati?

Funso: Ndimachita bizinesi ya kachewere pa Lizulu, ku Ntcheu. Ndinamva pa wailesi kuti ndalama za dziko la Russia zinatsekeredwa kunja, ndipo chichitikireni zimenezo mayiko ena akugula golide wambiri. Zitheka bwanji kuti dziko lathunthu likanizidwe ndalama zake zomwe? Nanga golideyo sangatsekeredwe? Ndipo ife a Malawi, ndi vuto lathu la ndalama zakunjali, bwanji osatengerapo phunziro?

Yankho: Bambo, ndalama zakunja zimene dziko limati lasunga sizikhala m'dzikomo. Anthu ambiri akamva kuti banki yaikulu ya dziko ili ndi madola mabiliyoni angapo, amaganiza za chipinda chodzaza ndi mitolo ya ndalama zamapepala, chokhala ndi alonda pakhomo. Ndalama zamapepala zilipo ndithu, koma n'zochepa kwambiri. Gawo lalikulu ndi manambala olembedwa m'makompyuta a mabanki a kunja. Dola imakhala m'mabanki a ku Amereka, yuro m'mabanki a ku Ulaya, paundi ku London. Ndiponso banki yaikulu siikonda kusiya ndalama zitangokhala, choncho zambiri imakongoza maboma a mayiko olemerawo pogula zikalata zawo za ngongole, zimene amati mabondi, kuti izipeza chiwongoladzanja. Zikalatazo nazo si mapepala oti n'kuwanyamula. Ndi mzere wolembedwa m'kaundula wa kampani yosunga zikalata, imene ili pansi pa malamulo a dziko limene ikukhalamo.

Taganizirani thanki ya mafuta a galimoto imene ikulowa m'dziko muno, kapena thiraki ya feteleza imene yaima pachipata cha Dedza. Polipira katundu ameneyo palibe dola ngakhale imodzi imene imakwera ndege kuchoka ku Lilongwe. Banki ya kuno ili ndi akaunti ku banki ina ya ku New York. Imatumiza uthenga woti chotsani ndalama zakuti mu akaunti yathu, muike mu akaunti ya banki ya wogulitsa. Madolawo amangosuntha kuchoka pa mzere wina kupita pa mzere wina, ali ku New York komweko. Ndiye kuti amene ali ndi mphamvu pa banki ya ku New York ija ali ndi mphamvu pa ndalamazo. Boma la Amereka likalamula kuti uthenga wochokera ku banki yakutiyakuti musaumvere, basi zatha. Sipafunika msilikali kapena kuthyola chitseko.

Zili ngati ndalama za mu foni ndi matumba a chimanga amene mwaunjika kuchipinda. Za mu foni n'zanu ndithu, ndipo n'zosavuta kulipirira zinthu, koma zimayenda pokhapokha kampani ikalola. Nambala yanu ikatsekedwa, mumangoziona osazikhudza. Chimanga palibe angachitseke ali kutali, koma n'cholemera, sichiswana chili m'thumba, ndipo tsiku lofuna ndalama muyenera kupeza wogula. Nkhani yonse ya golide ili pakati pa zinthu ziwirizi.

Tiyeni tione bwinobwino zimene zinachitikira Russia, popeza dzikoli linakonzekera kwa zaka zambiri koma linagwidwabe. M'chaka cha 2014, litalanda chigawo cha Crimea kwa Ukraine, mayiko a azungu analiikira zilango zoyamba za zachuma. Akuluakulu a ku Moscow anaona kumene mphepo ikulowera. Banki yawo yaikulu inayamba kugula golide mwakathithi, matani oposa 200 pachaka kwa zaka zingapo zotsatizana. Pa zimenezi anali ndi mwayi umene mayiko ambiri alibe: Russia ili m'gulu la mayiko atatu okumba golide wambiri padziko, ndipo imatulutsa matani opitirira 300 pachaka. Choncho bankiyo inkagula ku migodi ya kwawo komweko, n'kumalipira ndi ndalama yawo ya rubo, osawononga dola. Golide wawo anachoka pa matani pafupifupi 1,000 kumapeto kwa 2013 kufika pafupifupi 2,300 pofika 2020, ndipo yense ankasungidwa m'dziko mwawo. M'chaka cha 2018 anagulitsanso mabondi ambiri a boma la Amereka amene anali nawo, m'miyezi yochepa chabe.

Pamene nkhondo ya ku Ukraine inkayamba pa 24 Febuluwale 2022, thumba lonse la chuma chimene banki yaikulu ya Russia inasunga linali pafupifupi madola 630 biliyoni. Golide anali wokwana pafupifupi 130 biliyoni, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu. Gawo lina linali mu yuwani, ndalama ya ku China. Zotsalazo, zoposa theka la thumba lonse, zinali mu yuro, dola, paundi, yeni ya ku Japan ndi ndalama zina za mayiko ogwirizana ndi Amereka.

Apa mpamene anaphonya masamu. Iwo ankaopa Amereka, ndiye anachotsa chuma chambiri mu dola n'kuika mu yuro, poganiza kuti Ulaya, amene ankadalira gasi wa ku Russia, sangafike pokhudza ndalama za banki yaikulu. Koma pasanathe sabata nkhondo itayamba, Amereka, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, Britain, Canada ndi Japan onse analamula pamodzi kuti wina aliyense asachite malonda ndi banki yaikulu ya Russia. Pafupifupi madola 300 biliyoni anaima pomwepo. Ndipo zambiri mwa ndalamazo sizinali ku Amereka ayi. Zinali ku Brussels, m'dziko la Belgium, ku kampani yosunga zikalata yotchedwa Euroclear, kumene kunatsekeredwa mayuro pafupifupi 190 biliyoni. Kusiyanitsa mitundu ya ndalama kumateteza ngati eni ndalamazo sakugwirizana. Akagwirizana, mitundu isanu ya ndalama imatsekeka tsiku limodzi.

Kutsekera kukusiyana ndi kulanda, ndipo kusiyanaku n'kofunika. Ndalama zotsekeredwa zimakhalabe m'dzina la mwini wake, kungoti sangazisunthe. Mabondi aja akakhwima, ndalama zake zimaunjikana ku kampani yosungayo, n'kumabala chiwongoladzanja. M'chaka cha 2024 mayiko asanu ndi awiri olemera a G7 anagwirizana zopatsa Ukraine ngongole ya madola 50 biliyoni, imene izibwezedwa ndi phindu lochokera pa ndalama zotsekeredwazo. Kwa mkulu wa banki yaikulu wa dziko lina amene akuonera, uthenga wake ndi womveka: ndalama zingathe kuima kwa zaka, ndipo phindu lake n'kumathandiza mdani wako.

Aka sikanali koyamba. Amereka inatsekera chuma cha Iran mu Novembala 1979, cha Libya chinatsekeredwa mu 2011, ndipo a Taliban atalanda boma la Afghanistan mu Ogasiti 2021, pafupifupi madola 7 biliyoni a banki yaikulu ya dzikolo anatsekeredwa ku New York. Koma ambiri ankaona ngati zimenezi zimagwera mayiko ang'onoang'ono kapena osalidwa kale. Russia inali membala wa G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu, komanso mwini zida za nyukiliya, wogulitsa mafuta ku mayiko ambiri, ndipo thumba lake linali m'gulu la matumba akuluakulu padziko. Ndiye akuluakulu a ku Beijing, ku Delhi, ku Ankara ndi kwina anadzifunsa kuti, ngati zatheka pa uyu, ife tili ndi chitsimikizo chanji? Atayang'ana chimene chinatsala m'manja mwa Russia m'mawa mwake, anapeza ziwiri: yuwani, imene imadalira ubwenzi ndi China, ndi golide wa m'chipinda chawo, amene sadalira munthu.

Mphamvu ya golide ndi imeneyo basi. Dola ya mu akaunti ndi lonjezo la banki. Bondi ndi lonjezo la boma. Lonjezo lililonse lili ndi mwini wake amene angakane kulikwaniritsa, kapena kuletsedwa ndi boma lake. Njerwa ya golide si ngongole ya wina aliyense.

Zimene zinatsatira zikuoneka m'ziwerengero za bungwe loona za malonda a golide la World Gold Council. Kuyambira 2010 mpaka 2021, mabanki aakulu onse pamodzi ankagula matani osafika 500 pachaka tikaphatikiza n'kugawa. Mu 2022 anagula oposa 1,000, mu 2023 oposanso 1,000, mu 2024 chimodzimodzi. Migodi yonse ya padziko imatulutsa matani pafupifupi 3,600 pachaka, choncho ogula amenewa anayamba kumeza kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a golide watsopano. Banki yaikulu ya China inalengeza kuti ikugula mwezi ndi mwezi kwa miyezi 18 yotsatizana kuyambira Novembala 2022, ndipo mu 2023 mokha inaonjezera matani pafupifupi 225. India, Turkey ndi Poland nawo anali pakati pa ogula akuluakulu. Amene ali ndi golide wochuluka kuyambira kale, monga Amereka ya matani 8,133 ndi Germany ya matani opitirira 3,300, sakuonjezera. Ogula atsopanowa makamaka ndi mayiko amene chuma chawo chambiri chili mu ndalama za ena.

Tsopano za kutsekeredwa kwa golide. Inde, amatsekeredwa, ndipo umboni wake ndi Venezuela. Dzikoli linali ndi matani pafupifupi 31 ku Bank of England, banki yaikulu ya Britain, ku London. Njerwa imodzi ya mtundu umene mabanki aakulu amasunga imalemera pafupifupi makilogalamu 12.5, ndipo ndi yaing'ono moti mungainyamule m'manja awiri, ngakhale kulemera kwake kumadabwitsa aliyense woikweza koyamba. Pa iyo pamadindidwa nambala yake, chizindikiro cha fakitale imene inaiyenga, chaka, ndi kuyera kwake, kumene kuyenera kufika magawo 995 pa 1,000. Njerwa 80 zimapanga tani imodzi. Ndiye za Venezuela zinali pafupifupi 2,500, iliyonse ndi nambala yake, zolembedwa m'dzina la banki yawo yaikulu. Boma la Nicolás Maduro litafuna kuzitenga, zinakanika. Mu Febuluwale 2019 Britain inalengeza kuti ikuzindikira Juan Guaidó ngati mtsogoleri wogwirizira wa dzikolo, ndipo funso linasanduka lakuti ndani ali ndi ufulu wolamula golideyo. Mlandu unayenda m'makhoti a ku London kwa zaka, ngakhale m'nthawi ya Covid-19 pamene boma linkanena kuti likufuna kugulira mankhwala ndi chakudya, ndipo golideyo sanasunthe.

Choncho chimene chimateteza si golide payekha, koma golide ndi malo amene ali. Wa Russia anapulumuka chifukwa anali kwawo. Wa Venezuela anagwidwa chifukwa anali kwa eni ake a lamulo. N'chifukwa chake kugula golide kukuyendera limodzi ndi kumubweza kumudzi. Poland inabweza matani 100 kuchokera ku London mu 2019. India inasamutsa matani pafupifupi 100 kuchokera ku Britain mu 2024. Ngakhale Germany, bwenzi lenileni la Amereka, inabweza matani 674 kuchokera ku New York ndi ku Paris pakati pa 2013 ndi 2017, ngakhale kuti kumeneko chinakula ndi kudandaula kwa anthu a m'dzikomo, osati mantha a zilango.

Mwina mukudabwa kuti nanga ankamusungiranji ku London poyamba pomwe. Yankho lake ndilo likutifikitsa pa vuto limene ambiri olankhula za golide amalidumpha. Msika waukulu wa golide uli ku London. Njerwa ikakhala m'chipinda cha Bank of England, kuigulitsa ndi nkhani ya kusintha dzina m'kaundula. Njerwayo siituluka n'komwe pakhomo, ndipo madola amalowa mu akaunti pakatha masiku awiri. Mungathenso kuibwereketsa n'kupezapo kachiwongoladzanja, kapena kuiika chikole n'kutenga madola kwa miyezi ingapo. Mukaitengera kwanu, zonsezi zimavuta. Kuti muigulitse pafunika ndege, inshulansi, alonda, ndipo nthawi zina wogula amafuna kuti iyesedwenso chifukwa inatuluka m'manja mwa osunga odziwika. Pamene India inatsala pang'ono kulephera kulipira katundu wakunja mu 1991, inayenera kukweza m'ndege matani pafupifupi 47 kupita nawo ku London ngati chikole, kuti ipatsidwe ngongole ya ndalama zakunja. Golide wa kwanu ndi wovuta kulanda, komanso ndi wovuta kugwiritsa ntchito, ndipo chifukwa chake n'chimodzi.

Russia inakumana nazo zimenezi. Mu Malichi 2022 bungwe loyang'anira msika wa ku London, la LBMA, linachotsa mafakitale asanu ndi limodzi oyenga golide a ku Russia pa mndandanda wa ovomerezeka, kutanthauza kuti njerwa zawo zatsopano sizikanalandiridwanso pamsikawo. Mwezi womwewo Amereka inachenjeza kuti aliyense wogula golide wa banki yaikulu ya Russia akhoza kugwa m'zilango. Pakati pa chakacho mayiko a G7 ndi a ku Ulaya analetsa kuitanitsa golide wa ku Russia. Wa m'migodi anapezabe njira, kudzera ku Dubai, ku Hong Kong ndi ku Turkey, chifukwa golide akasungunulidwa n'kuumbidwanso sadziwika kwawo. Koma kuzembetsa matani makumi angapo n'kosiyana ndi kugulitsa matani 2,300. Wogula amadziwa kuti mwapanikizika, amatsitsa mtengo, ndipo akakulipirani mu dola mwabwerera m'khola lomwe lija.

Ndipo ndinene mosabisa, chimene chinaimitsa rubo itagwa m'masabata oyamba a nkhondo si golide. Banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 9.5 kufika pa 20 peresenti, boma linaletsa kutulutsa ndalama m'dziko, linakakamiza makampani ogulitsa kunja kuti asinthe 80 peresenti ya ndalama zakunja zimene apeza, ndipo koposa zonse mafuta ndi gasi zinapitiriza kugulidwa pa mitengo yokwera. Ndalama zatsopano zinkalowa tsiku lililonse. Golide anali chikhazikitsa mtima, chuma choti zikafika poipitsitsa chilipo, koma amene ankalipira katundu wa tsiku ndi tsiku anali malonda.

Chitetezo chimenechi chili ndi mtengo wake. Golide sabala. Mukaika madola 1 biliyoni mu mabondi a Amereka pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti, mumapeza 40 miliyoni pachaka mutangokhala. Mukaika mu golide simupeza kanthu, m'malo mwake mumalipira kusunga ndi kulondera. Phindu limabwera pokhapokha mtengo ukwere, ndipo mtengowo sukwera nthawi zonse. Pakati pa 2022 ndi 2025 mtengo unakwera kwambiri: aunzi imodzi, imene ndi magalamu 31.1, inali pafupifupi madola 1,800 kumayambiriro kwa 2022, inadutsa 3,000 mu Malichi 2025, ndipo inadutsa 4,000 mu Okutobala chaka chomwecho. Koma amene anagula mu Seputembala 2011 pa madola pafupifupi 1,900 anaona mtengo ukutsika mpaka pafupifupi 1,050 kumapeto kwa 2015. Amene anagula pa 850 mu 1980 anadikira zaka zoposa 25 kuti mtengowo ubwerere pomwe unali. Dziko lokhala ndi thumba lalikulu lingapirire zimenezo. Loti thumba lake lingalipire katundu wakunja wa miyezi iwiri yokha silingathe.

Mukamamva nkhanizi pa wailesi, pali zinthu zimene muyenera kutchera khutu, chifukwa ziwerengero zimasocheretsa. Akanena kuti gawo la golide m'thumba la dziko lakwera, funsani ngati akwera ndi matani kapena mtengo. Tani imodzi ili ndi maaunzi pafupifupi 32,150. Pa mtengo wa madola 2,000 ndi 64 miliyoni, pa 4,000 ndi pafupifupi 129 miliyoni. Tiyerekeze dziko lili ndi matani 100 ndiponso madola 50 biliyoni m'mabanki akunja. Pa mtengo woyambawo golide wake ndi 6.4 biliyoni, pafupifupi 11 peresenti ya thumba lonse. Mtengo ukawirikiza, afika 12.9 biliyoni, kupitirira 20 peresenti, chonsecho dzikolo silinagule njerwa ngakhale imodzi. Pamene banki yaikulu ya Ulaya inanena mu 2025 kuti golide waposa yuro n'kukhala wachiwiri kwa dola m'matumba a mayiko, mbali yaikulu ya kukwerako inali ya mtengo. Nayo dola sinagwe monga ena amakambira. Pa ndalama zakunja zimene mayiko amasunga, inali pafupifupi 71 peresenti cha m'ma 2000, ndipo mu 2024 inali pafupifupi 58. Ikutsika pang'onopang'ono, koma palibe ina imene yayandikira.

Musaganizenso kuti aliyense wogula golide akuopa zilango za azungu. Poland, imene inagula matani 130 mu 2023 ndi 90 mu 2024, ndi membala wa NATO, mgwirizano wa asilikali wa mayiko a azungu, ndipo ili kutsogolo pothandiza Ukraine. Iyo ikuopa nkhondo pakhomo pake. Turkey yakhala ikulimbana ndi kugwa kwa ndalama yake. Ena anadzidzimuka ndi kukwera mitengo kwa zinthu ku Amereka ndi ku Ulaya mu 2022, kumene kunadya mphamvu ya mabondi awo. Zilango ndi chifukwa chachikulu, ndipo ine ndimakhulupirira kuti ndicho chinasintha liwiro mu 2022, popeza kugulako kunawirikiza chaka chomwe chija, koma sichili chokha.

Tibwere kwathu. Mayiko amene tawatchulawa ali ndi ndalama zambiri zimene akuopa kuti wina angazitseke. Ife vuto lathu ndi loti ndalamazo palibe. Inu a pa Lizulu mukudziwa bwino kuposa ine: msewu wa M1 pamenepo ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, ndipo kwacha ikafooka mumaonera pa mtengo wa katundu wochokera kutsidya tsiku lomwelo, nkhani isanafike pa wailesi. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo palibe dziko limene linatitsekera akaunti. Timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti dziko lino limafuna madola pafupifupi 250 miliyoni pamwezi kuti liitanitse mafuta, feteleza, mankhwala ndi zina. Kutenga madola ochepa amene tili nawo n'kukagula golide ku London kungakhale kulakwitsa kwakukulu, chifukwa kungakhale kuchotsa ndalama zolipirira mafuta mawa pofuna kudziteteza ku ngozi imene siili pakhomo pathu.

Koma pali mbali imodzi ya zimene Russia inachita imene ikutikhudza, yomwe ndi kugula golide wa m'dziko ndi ndalama ya m'dziko. Pamenepo cholinga si kuthawa dola, koma kuipeza. Banki yaikulu imapereka makwacha kwa okumba, n'kulandira chinthu chimene chingagulitsidwe kunja ndi madola. Ghana inayamba ndondomeko yotere mu 2021, Tanzania nayo ikuchita, ndipo kuno Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Maganizo ake ndi abwino, ndipo ndimawagwirizana nawo. Kungoti tiziyeza ndi muyezo woona. Pa mtengo wa madola 4,000, pafunika matani awiri kuti alipire katundu wa mwezi umodzi. Matani awiri ndi makilogalamu 2,000, pamene wokumba wa m'mphepete mwa mtsinje, ndi beseni lake, amabwera ndi magalamu ochepa atakulunga m'kapepala. Ghana imakumba matani oposa 100 pachaka, n'chifukwa chake kumeneko ndondomekoyi imasuntha thumba la dziko mooneka.

Ndipo pali zopinga zitatu zimene zimaonekera msanga. Choyamba ndi mtengo. Wozembetsa amene amasintha dola pa msika wa mseri amatha kulipira makwacha ambiri pa galamu kuposa wogula wa boma amene akuwerengera pa mtengo wa ku banki. Kusiyana kwa mitengo iwiri ya dola kukakula, golide amatulukira m'njira zachidule za m'malire, ndipo malire athu ndi aatali, oti munthu amawoloka wapansi. Boma likafuna kupikisana nawo, liyenera kugula modula kuposa zimene lidzapeze pogulitsa, ndipo kusiyanako ndi kuluza kumene wina ayenera kulipira. Chachiwiri n'chakuti makwacha ogulira aja akakhala ongosindikizidwa, amaonjezera ndalama zoyenda m'dziko n'kukankha mitengo ya zinthu, pokhapokha banki yaikulu iwachotsenso pogulitsa zikalata zake, zimene nazo zimafuna chiwongoladzanja.

Chachitatu ndi mtundu wa golideyo. Wochokera kwa okumba sakhala woyera. Amasakanikira ndi siliva ndi zitsulo zina, ndipo akangosungunulidwa kuno amakhala chibuma chimene msika waukulu sungalandire momwe chilili. Kuti awerengedwe ngati chuma chenicheni cha banki yaikulu, ayenera kuyengedwa kufika pa 995 paja ku fakitale yovomerezeka, monga Rand Refinery ya ku South Africa, ndipo fakitale yotero imafunsa mapepala osonyeza kumene anachokera, amene anakumba, ngati panalibe ana ogwira ntchito, ndi momwe mankhwala oopsa a mekyule anagwiritsidwira ntchito. Popanda mapepala amenewo, ogula otsala ndi aja ogula motsitsa. Akayengedwa, dziko ngati lathu limapindula kwambiri pomusunga kumene angasinthidwe ndi madola m'masiku awiri, kutanthauza kunja komwe kuja kumene India ndi Poland akuchotsako wawo, chifukwa ife tidzamufuna msanga thanki ya mafuta ikadzaima padoko kudikira malipiro.